AᵀA kapena QR: pomwe madijiti amatayikira

Ndikakhala ndi miyeso yambiri kuposa manambala omwe ndikufuna kupeza, ndimalemba vutolo ngati Ax ≈ b, kenaka nkufunafuna x yemwe akuchepetsa kwambiri masikweya a zotsala, b − Ax. Njira yomwe ambiri tidaphunzira m'kalasi ndi yochulukitsa mbali zonse ndi Aᵀ, nkupeza AᵀAx = Aᵀb. Papepala njirayi ilibe banga. Pa kompyuta mpomwe imaluma.

Ndisanasankhe njira, ndimayamba ndaona nambala ya kondishoni ya A, yomwe timailemba κ. Imandiuza kuti kacholakwa kakang'ono kolowa kangakule kangati pofika pa yankho. Manambala a `float64` amasunga madijiti pafupifupi 16, ndipo κ akakhala 10⁶ ndiyembekezere kutaya madijiti 6 mwa amenewo. Tsono κ wa AᵀA ndi κ². Kungopanga AᵀA basi, madijiti otayika achoka pa 6 kufika pa 12, ndipo κ akafika cha m'ma 10⁸ sipatsala kanthu.

Pofuna kuziona ndi maso ndimagwiritsa ntchito matirikisi a Läuchli, a mizere itatu ndi makolamu awiri: (1, 1), (e, 0), (0, e), pomwe e = 10⁻⁸. Ndimasankha b = (3, e, 2e) kuti yankho ndilidziwiretu: x = (1, 2), popanda chotsala. Apa κ ndi pafupifupi 1.4 × 10⁸.

```python
import numpy as np
e = 1e-8
A = np.array([[1, 1], [e, 0], [0, e]])
b = np.array([3, e, 2*e])
Q, R = np.linalg.qr(A)
print(np.linalg.solve(R, Q.T @ b))
print(np.linalg.solve(A.T @ A, A.T @ b))
```

Mzere womalizawo umagwa ndi uthenga wakuti `Singular matrix`. Chifukwa chake nchakuti AᵀA ayenera kukhala ndi 1 + e² pa dayagonolo ndi 1 m'malo enawo. Koma e² ndi 10⁻¹⁶, pomwe nambala yotsatira 1 mu `float64` ili pa mtunda wa 2.2 × 10⁻¹⁶. Popeza e² safika ngakhale theka la mtundawu, 1 + e² amasungidwa ngati 1, ndipo manambala onse anayi amakhala 1. Kusiyana konse kwa makolamu awiri aja kunali mwa e. Kwafufutika tisanayambe nkomwe kufuna x, kotero Cholesky, njira yodziwika yopezera x mu AᵀAx = Aᵀb, kapena njira ina iliyonse yobwera pambuyo siingakubwezeretse.

QR sachulukitsa A ndi mnzake. Amalemba A = QR, pomwe Q amangotembenuza mavekitala osasintha utali wawo, choncho κ wa R ndi yemweyo wa A. Njirayi, yogwiritsa ntchito magalasi a Householder, adaifotokoza Gene Golub mu 1965. Ndikaitsata pamanja, galasi loyamba limasandutsa kolamu yoyamba kukhala (−1, 0, 0), yachiwiri (−1, −e, e), ndipo b amakhala (−3, −2e, 2e). Taonani kuti e akadalipo, ali payekha, sanaphatikizidwe ndi 1 kuti amezedwe. Mizere iwiri yam'munsi ikupereka x₂ = 2, ndipo wapamwamba, x₁ + x₂ = 3, ukupereka x₁ = 1.

Kugwa kwa pulogalamu nkwabwinoko, chifukwa mwachenjezedwa. Choopsa ndi e = 10⁻⁷. Pamenepo 1 + 10⁻¹⁴ amasungidwa, koma mukachotsapo 1 mupeza 0.9992 × 10⁻¹⁴, kutanthauza kuti e² watsala ndi madijiti atatu okha oona. Yankho limatuluka mwakachetechete ndi madijiti ake onse 16, koma odalirika ndi awiri kapena atatu. Kuyang'ana chotsala sikuthandiza: x wolakwika ngati (1.01, 1.99) amapereka chotsala cha 1.4 × 10⁻⁹ basi, chooneka ngati ntchito yayenda bwino. Nchifukwa chake ndimadalira `np.linalg.cond(A)`, osati kuchepa kwa chotsala.

Kodi AᵀA ndi wotayiratu? Ayi. Mizere m ikachuluka kwambiri kuposa makolamu n, AᵀA amafuna masamu pafupifupi mn², theka lenileni la 2mn² omwe QR amafuna. Ngati κ ali cha m'ma 100, kutaya madijiti 4 mwa 16 sikundidetsa nkhawa. Ndi `float32`, yemwe ali ndi madijiti 7 okha, κ wa 3,000 ndi wokwanira kuwononga zonse, ndiye kumeneko sindiyerekeza nkomwe.

QR nayenso ali ndi malire. Chotsala chenicheni chikakhala chachikulu, vutolo palokha limakhala ndi κ² mkati mwake, ndipo palibe njira yomwe ingamuchotse. Apo chothandiza ndi kuchepetsa κ weniweniyo. Ngati ndikuyeza mzere wokhota pa zaka 2000 mpaka 2020, makolamu a 1, t ndi t², pomwe t ndi chaka, amaloza pafupifupi mbali imodzi, choncho ndimachotsa 2010 pa chaka chilichonse, nkugawa ndi 10, kuti t aziyenda kuchokera pa −1 kufika pa 1. Makolamu akadalirana kotheratu, ndimapita ku `np.linalg.lstsq`, yemwe amagwiritsa ntchito njira ina yogawira matirikisi yotchedwa SVD ndipo amabwezanso ranki ya A kuti ndidziwe makolamu angati omwe ali odziimira paokha.