Magetsi atathima pakati pokonzanso pulogalamu ya rauta

Dzulo kuno ku Kasungu magetsi anathima ndili mkati molowetsa fimuweya yatsopano, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa rauta, mu rauta ya pa shopu yanga, ndipo atabweranso, kanyali ka rautayo kankangophethira, intaneti osabwera. Vuto linali langa, chifukwa ndinayamba ntchitoyi popanda batire yosungira magetsi, ngakhale ndinkadziwa kuti rauta ikazima isanamalize kulemba pulogalamu yake imatsala ndi theka lokha.

Sindinaitaye. Ndinailumikiza ku laputopu ndi waya, osati wayifayi, ndinaika adiresi yokhazikika ya 192.168.1.10 pa laputopu, kenaka ndinagwira batani la Reset poyatsa rautayo mpaka kanyali katasintha kaphethiridwe. Tsamba lopulumutsira linatseguka pa 192.168.1.1, ndipo ndinalowetsanso fayilo yomwe ija. Marauta ena adiresi yake ndi ina, choncho yang'anani m'kabuku kake.

Musanayambe, werengani chizindikiro cha pansi pa rauta, kuti mudziwe mtundu wake, chifukwa fayilo ya rauta ya mtundu wa V2 siyenera kulowa mu ya V3 ngakhale dzina likhale lofanana. Ikayamba kulemba, musaikhudze kwa mphindi zingapo, ngakhale ioneke ngati yaima.