Mabulaketi Anandilaka Anzanga Akuonerera

Abwana anandipatsa fayilo ya masamu kuti ndione ngati bulaketi iliyonse yotsegula ili ndi inzake yotseka. Ine ndi matama anga ndinalengeza kuti mzere umodzi wa rejekisi, kalembedwe kouza kompyuta maonekedwe a mawu oti ifufuze, ukwana, tiyi asanazizire.

```
^\(.*\)$
```

Inavomera zonse, ine n'kumamwetulira. Mnzanga wa pa desiki yoyandikana anangolemba `((a+b)` ndipo nayonso inadutsa, chifukwa `.*` imameza chilichonse, mabulaketi omwe. Ndinaikhwimitsa kukhala `^\([^()]*\)$`, kuti m'katimo musapezeke bulaketi. Yolakwika ija inakanidwadi, koma inapita limodzi ndi `(a*(b+c))` yosalakwa. Thukuta linayamba. Ndinatsegulira bulaketi ya m'kati mpata:

```
^\(([^()]|\([^()]*\))*\)$
```

Mnzanga uja, kaya ndinamulakwira chiyani, anabwera ndi `(a*(b+(c-d)))`. Ndikawonjezera gawo, iye amawonjezera bulaketi imodzi, mpaka rejekisi yanga inasefukira pa sikirini, anthu atandizungulira ngati pagwa ngozi.

Mnzangayo ankadziwa kuti sindingapambane. Katswiri wa masamu Stephen Kleene anasonyeza kale m'zaka za m'ma 1950 kuti rejekisi yeniyeni ili ndi mphamvu zofanana ndi otomata ya zipinda zowerengeka. Makina amenewa amawerenga chilembo chimodzi n'kusamukira m'chipinda china, ndipo chomwe amakumbukira ndi chipinda chimene alimo basi.

Tiyerekeze kuti ali ndi zipinda 5. Apatseni `(`, kenako `((`, mpaka mabulaketi 6. Mizere ilipo 6 koma zipinda ndi 5, ndiye iwiri igwera m'chipinda chimodzi, tinene `((` ndi `((((`. Kuchokera pamenepo makinawo sathanso kuisiyanitsa. Mukawonjezera `))` ayankha mofanana pa yonse iwiri, chonsecho woyambawo ndi wolondola, wachiwiriwo ndi wopereweza. Ngakhale zipinda zitakhala 1,000, mnzanga angobwera ndi mizere 1,001.

Sikuti makinawa ndi mbuli. Kudziwa ngati mabulaketi onse mumzere angagawike pawiri popanda wotsala kumafuna zipinda ziwiri zokha, zongosinthana. Kuya kokhala ndi malire, monga magawo atatu, amakuthanso. Chimawakanika ndi kuwerenga kopanda polekezera.

Wina anandinong'oneza za `(?R)` ya mu pulogalamu ya marejekisi yotchedwa PCRE, imene imalola rejekisi kudziitana yokha. Imagwiradi ntchito, koma pamenepo mwatuluka kale m'dziko la Kleene, ndipo `re`, chida cha marejekisi cha mu Python chimene ndinkagwiritsa ntchito, sichiidziwa n'komwe.

Chinandipulumutsa ndi kanambala kamodzi koyambira pa 0: kuwonjezera 1 pa `(`, kuchotsa 1 pa `)`, kukana mzere kakangotsika pansi pa 0, ndi kuvomera pokhapokha kakathera pa 0. Lamulo lotsika pansi pa 0 lija musalinyoze, chifukwa popanda ilo `)(` imadutsa monyadira. Abwana ataona kachidutswa ka pulogalamuko anandifunsa kuti nanga tsiku lonseli ndimatani.