Lipoti la chotupa likati "benign", musangolipinda n'kuiwala

Abale anga a kuno ku Harare, amene mwatenga zotsatira za chotupa cha m'bere ku chipatala cha Parirenyatwa kapena kwa dokotala wina: mawu akuti "benign" akutanthauza kuti m'kanyama kamene anaunika sanapezemo khansa. Maselo ake sakulowerera minofu yoyandikana nayo ndipo safalikira kwina. Ndi nkhani yabwino ndithu.

Koma anaunika kanyama kokhako, osati chotupa chonse. Singano imatapa tizidutswa tingapo, kalikonse kokhuthala pafupifupi mamilimita 2. Tiyerekeze kuti mayi ali ndi chotupa cha masentimita 3, cholimba, chosasuntha, ndipo pa sikani m'mbali mwake simukuoneka mosalala. Lipoti likubwera lonena kuti apeza mafuta ndi minofu wamba ya bere. Pamenepo zinthu sizikugwirizana, chifukwa mafuta okha sangafotokoze chotupa chotere. N'kutheka kuti singano inadutsa pambali. Afunika kutapanso, kapena kuchotsa chotupa chonse n'kuchiunika.

Lipoti lodalirika limatchula dzina la chotupacho, monga "fibroadenoma", ndipo dzinalo limafanana ndi zimene sikani inaonetsa. Choncho funsani dokotala momveka: kodi zotsatirazi zikugwirizana ndi sikani? Ndibwerenso liti? Mukaona mawu akuti "atypia", kutanthauza maselo ooneka mosiyana ndi abwinobwino, musazengereze, chifukwa kawirikawiri pamafunika kuchotsa kanyama kokulirapo.

Lipotili silikulonjezanso kuti chotupa sichikula, kapena kuti khansa singadzayambe pena. Chikayamba kukula, khungu likalowa m'kati, kapena nsonga ya bere ikamatuluka magazi, bwererani msanga osadikira tsiku limene anakupatsani.