Ndalama ya pa 14 imene ndinagulira matabwa

Shopu yathu ya mipando ili ku Mchesi, chakumbuyo kwa anzathu okhoma mabokosi aja. Ndinayamba ndekha ndi makina amodzi opalira matabwa. Pofika mu 2024 ndinali ndi anyamata atatu olandira pamwezi, ndipo m'pamene ndinadziwira kuti kukhala bwana si kungolipira anthu ayi. Umasanduka wotolera msonkho wa boma, wosalipidwa.

Amene ananditsegula maso ndi alamu anga, omwe amagwira ntchito yowerengera ndalama. Tsiku lina atabwera kudzaona kabati yawo anandipeza ndikuwerengera anyamata malipiro pa benchi. Iwo atapita, alamu anafunsa kuti, "Kodi alamu, PAYE mumadula?" Ndinayankha kuti TPIN, nambala yanga ya okhoma msonkho, ndili nayo ndipo msonkho wa bizinesi ndimapereka. Anaseka. Anati umenewo ndi msonkho wanga, koma PAYE ndi msonkho wa wantchito, umene lamulo limandituma ine kudula asanalandire n'kukapereka ku MRA. Ndikapanda kudula, MRA siikafunsa mnyamatayo, idzafunsa ine, ndipo ndidzatulutsa za m'thumba mwanga.

Anandithandiza kuwonjezera PAYE pa TPIN yanga, kenaka tinakhala pansi ndi kope. Kuyambira Epulo 2024, K150,000 yoyamba ya malipiro a pamwezi inalibe msonkho. Ndalama yopitirira pamenepo mpaka K500,000 ankadula K25 pa K100 iliyonse. Magawo ena a pamwambapo sankatikhudza, kunalibe wolandira zotero kwathu. Manambala amenewa amasintha boma likamapanga bajeti, choncho amene akuyamba lero aone a chaka chimenecho, asatenge angawa. Koma kawerengedwe kake n'komweko.

Mmisiri wamkulu ankalandira K320,000. Poyamba ndinkaganiza kuti ndidula gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama yonseyo, mtima unagunda. Ayi, umayamba wachotsa K150,000, zotsala K170,000 n'zimene zimadulidwa, ndipo msonkho wake unali K42,500. Wachiwiri wa K200,000 ankadulidwa pa K50,000 yokha, kutanthauza K12,500. Wamng'ono wopaka vanishi, wa K140,000, sankadulidwa kanthu. Zonse pamodzi K55,000 pamwezi.

Nkhani inavuta pa mmisiri wamkulu uja. Ndinamuitanira kuseri, pamulu wa utuchi, n'kumufotokozera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Bwana, ine tinagwirizana K320,000 ya m'manja. Za boma izo ndi zanu." Ndipo sankanama, pomulemba ntchito ndinanenadi mawu oti "ya m'manja". Mmisiri wodziwa kulumikiza khomo la mbawa osaoneka mpata sutaya chifukwa cha zimenezi, ndiye ndinavomera kuti msonkhowo ndisenza ndine. Ndinkayesa kuti ndingowonjezera K42,500 basi. Alamu anakana. Ndalama imene ukumulipirira msonkho nayonso ndi malipiro ake, ndiye nayonso imadulidwa. Kuti munthu atenge K170,000 ija yathunthu atadulidwa K25 pa K100, uyenera kuigawa ndi 0.75, zimene zimapereka K226,667. Ukaphatikiza K150,000 ija, malipiro ake enieni anakhala K376,667, msonkho K56,667. Mawu awiri aja anandidyera K56,667 mwezi uliwonse. Masiku ano ndikamalemba munthu ntchito ndimatchula malipiro asanadulidwe, n'kumulembera papepala zimene azitenga kupita nazo kunyumba.

Wopaka vanishi uja naye anandiphunzitsa china. Mwezi wina tinali ndi oda ya madesiki, anagwira mpaka usiku, ndinamuwonjezera K40,000. Mwezi umenewo analandira K180,000, ndiye K30,000 inalowa m'gawo lodulidwa, msonkho K7,500. Ovataimu, bonasi ya Khirisimasi, alawansi ya nyumba yoperekedwa ngati ndalama, zonsezo zimaphatikizidwa ndi malipiro a mwezi umenewo. Munthu amene sadulidwa miyezi yonse akhoza kudulidwa mwezi umodzi, ndipo ndi bwino kumuuziratu asanaone envulopu yopepuka.

Tsono tsiku lija. Msonkho wodulidwa mwezi uno uyenera kufika ku MRA pasanadutse pa 14 mwezi wamawa. Wa Juni, pofika pa 14 Julayi. Ndipo ntchito zake ndi ziwiri, ngakhale ambirife timaziona ngati imodzi. Yoyamba ndi kupereka ritani pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, yosonyeza wantchito aliyense, zimene walandira ndi zimene wadulidwa. Yachiwiri ndi kulipira ndalamayo, pogwiritsa ntchito nambala ya PRN imene umatenga pamenepo n'kukalipirira kubanki. Ukalipira osapereka ritani, ndalama imakhalapo koma mwezi umenewo umaonekabe kuti sunaufotokoze. Ukapereka ritani osalipira, wadzilembera wekha ngongole.

Ine ndinachita zomalizazi, kupereka ritani osalipira. Miyezi yoyamba zinayenda bwino. Kenaka kasitomala wina wamkulu anachedwa kulipira, ndipo nthawi yomweyo kunapezeka matabwa a paini ouma bwino pa mtengo wosabwereranso. Mu akaunti munali K69,167 ya PAYE, ya mmisiri wamkulu ndi wachiwiri wake, ikungodikira pa 14. Ndinadziuza kuti ndikungobwereka sabata imodzi. Sabata inakhala mwezi, mwezi unabala unzake, ndipo pofika wachitatu ngongole inali itapitirira K207,000, osawerengera chindapusa cha kuchedwa ndi chiwongoladzanja chimene chimakwera mwezi ndi mwezi. Maritani ndinkapereka ndithu, poganiza kuti bola akuona kuti sindikubisala.

Palibe anabwera kudzagogoda pashopu. Zinaululika pomwe bungwe lina linafuna kuti tiwapangire matebulo a mu ofesi, n'kupempha satifiketi yosonyeza kuti ndilibe ngongole ya msonkho. Pofunsira satifiketiyo, miyezi itatu ija inali pomwepo pa akaunti yanga, uliwonse ndi chindapusa chake. Ndinagulitsa njinga yamoto n'kulipira, koma pomwe pepalalo linkatuluka, oda inali itapita kwa ena. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti K12,500 ya mnyamata wachiwiri uja ndinkamuduladi mwezi uliwonse. Inali ndalama yake, yochoka pakamwa pa ana ake, ine n'kuisandutsa matabwa.

Pano ndinasintha kachitidwe, ndipo si zanzeru zakuya ayi. Tsiku lolipira anyamata ndi tsiku lomwenso ndimapereka ritani n'kulipira PAYE. Sindidikiranso pa 14, chifukwa masiku 14 amenewo ndi amene ndalama imakhala ikundiyang'ana, komanso tsiku lomaliza netiweki imakonda kuchita zake. Risiti ya kubanki ndimaiphatika pa pepala la malipiro a mwezi umenewo n'kuika mu fayilo, mu kabati yotseka kuti fumbi lisalowe. Fayilo imeneyo ndi imene imandipulumutsa chaka cha msonkho chikatha pa 31 Marichi, pomwe wantchito aliyense amayenera kulandira P9 yake, yosonyeza zonse zimene analandira ndi zimene anadulidwa chaka chonse. Manambala a pa P9 ayenera kugwirizana ndi a maritani 12 aja.

Alamu anandikumbutsanso kuti penshoni ili ndi njira yake, siidutsa ku MRA: ine ndimaika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito K5, zimapita ku kampani ya penshoni. Nazonso ndimalipira tsiku lomwelo. Mwezi watha ndinalemba mnyamata wachinayi, ndipo atangoyamba kunena kuti "ya m'manja, bwana", mmisiri wamkulu anaseka yekha ali pa makina, n'kumuuza kuti atenge pepala ndi cholembera.