Mizere 312 imene inakana kufufutika ku Blantyre

Tebulo lathu la malonda lili ndi mizere pafupifupi 40 miliyoni. Limakhala pa seva ya PostgreSQL kuno ku Mangochi, koma anzathu owerengera ndalama ku Blantyre ali ndi detabesi yawoyawo, ndipo amafuna kuti kukamacha izikhala itafanana ndi yathu.

Poyamba ndinkangokhuthula tebulo lawo usiku n'kukoperamo zonse mwatsopano. Njira imeneyi sinama: zimene zili kuno ndi zomwe zimafika uko. Koma zinkatenga maola 6, ndipo netiweki ikaduka pa ola lachisanu, umayambiranso pa mzere woyamba. Usiku wina magetsi anathima cha m'ma 3 koloko. Foni inandipeza m'mawa ndili pa kabaza, tikuwoloka Shire. "Achimwene, tebulo lija mulibe kanthu."

Nditawerenga ndinapeza kuti patsiku pamasintha mizere pafupifupi 60,000 basi. Ndinaika indekisi pa `updated_at`, pomwe pamalembedwa nthawi imene mzere unasinthidwa komaliza, n'kuyamba kutenga zosintha zokha:

```sql
SELECT * FROM malonda
WHERE updated_at > :pomwe_ndinalekera
                   - interval '15 minutes';
```

Mphindi 15 zimenezo ndinaziphunzira ndi misozi. Mu PostgreSQL, `now()`, yomwe timalembera nthawi mu `updated_at`, imapereka nthawi imene thiranzakishoni inayamba, osati imene inatha. Ndiye ngati wina wayamba kulemba 01:58 n'kumaliza 02:03, ine nditatenga kale zanga 02:00, mzere wakewo sindinauone, ndipo mawa sindidzauonanso chifukwa nthawi yake ili kumbuyo kwa pomwe ndinalekera. Kubwerera m'mbuyo pang'ono kumautola, bola thiranzakishoniyo isapitirire mphindi 15. Mizere ina imabwera kawiri, inde, koma ku Blantyre ndimalowetsa ndi `INSERT ... ON CONFLICT (id) DO UPDATE`, choncho wobwera kawiri amangokhala pamalo pake pomwe.

Ntchito inatsika kufika mphindi zosakwana 5. Ndinadziona katswiri, mpaka kumapeto kwa mwezi pomwe ndalama za uko zinaposa za kuno. Ndinawerenga mizere ya tsiku lililonse mbali zonse ziwiri ndi `count(*)`, ndipo ku Blantyre inachuluka ndi 312. Anali malisiti olakwika amene makalaliki anafufuta kuno. Mzere wofufutidwa susiya `updated_at` yoti uifunse. Umangosowa, ndipo uko palibe amene amauzidwa. Tsopano sitifufutanso. Timalemba nthawi mu `deleted_at`, `updated_at` n'kusintha nayo, uthenga wa malirowo n'kufika ngati kusintha kwina kulikonse.

Kukopera zonse sindinakutaye. Timatebulo ting'onoting'ono, ngati ka mitengo ya katundu, ndimatikopera tonse usiku uliwonse, kulimbana nato n'kutaya nthawi. Lalikulu lija ndimalikopera lonse Loweruka usiku, koma mu `malonda_new`, lakale lili chikhalire. Chiwerengero chikagwirizana ndimasinthanitsa mayina ndi `ALTER TABLE ... RENAME TO` mu thiranzakishoni imodzi. Magetsi akathima pakati, Lolemba anzathu amapeza tebulo lawo lakale lija, la Lachisanu usiku.