Agogo a ku Tafara anafika pageti

Loweruka usiku, Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe.

Mwana wagona tsopano, akupuma bwino, koma ine tulo tandithawa. Kaliziliro ka m'chifuwa mwake katha. Chimene chikundizunguza mutu ndi mawu a agogo a ku Tafara pafoni madzulo ano.

Lero linali tsiku la msonkhano wa sosaiti yathu ya maliro. Tilipo anthu 11 mu komiti, tonse ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito kuno, ndipo timakumana Loweruka lachiwiri la mwezi, 2 koloko masana, mosinthana nyumba. Mwezi uno inali nyumba yanga. Ine ndine msungichuma, buku la zopereka ndi kabokosi zimakhala kwa ine. Dzulo ndinali nditagula kale shuga ndi buledi, mipando ndinabwereka kwa aneba.

Ndiye cha m'ma 10 m'mawa mphumu inamugwira Chisomo. Kuzizira kwa Juni kumamuchita choncho chaka chilichonse, koma lero kamankhwala kopopera mkamwa kaja sikanathandize. Ndinaona pakhosi pake pakulowa mkati akamakoka mpweya, akulephera kumaliza ngakhale mawu atatu. Ndinamubereka ngati khanda, mnyamata wa zaka 7, ulendo wa kukiliniki.

Tili pabenchi ndipo ndinakumbukira za msonkhano. Ndinatulutsa foni ndi dzanja limodzi n'kulemba pagulu lathu la WhatsApp: “Pepani abale, mwana wadwala ndili kuchipatala, tionana.” Basi. Ndinaibwezera m'chikwama, mumtima ndikuti ndawadziwitsa.

Usiku uno ndauwerenga uthengawo kasanu. Mulibe mawu oti msonkhano kulibe. “Tionana” angakhale wa 2 koloko, angakhale wa mawa, angakhale wa mwezi wamawa. Amake Tadala anamva kuti ndichedwa chabe, ndiye anabwera ndi mandasi awo. Alembi anamva kuti msonkhano walephereka, sanabwere. Awiri anayankha “Mulungu amukhudze mwanayo” osafunsa kanthu. Anthu anayi anafika pageti n'kupeza loko. Ndipo nditadina uthenga uja n'kutsegula Info, ndinaona kuti pansi pa Read by pali mayina 6 okha. Enawo analibe bandulo, kapena magetsi anali atazima foni n'kuthima. Izi ndikanaziona 11 koloko, zikanangonditengera mphindi imodzi.

Koma agogo sali n'komwe pagulupo. Foni yawo ndi ya mabatani, kambudzi monga amanenera kuno. Ndimadziwa zimenezi, ndine ndemwe ndimawaimbira mwezi ndi mwezi. Ndipo iwo ndi tcheyamani.

Kuchoka ku Tafara kufika kwathu kuno ndi makombi awiri. Umatsikira ku Fourth Street, n'kudutsa tauni yonse wapansi kukakwera ina yolowera kumadzulo. Munthu wa zaka zoposa 70, bondo lowawa, amanyamuka 11 koloko kuti asachedwe, chifukwa iwo kuchedwa amati ndi mwano. Pamene ine ndinkalemba kauthenga kanga 10:40, iwo anali akupukuta nsapato. Ndikanaimba nthawi imeneyo ndikanawapeza ali pakhomo.

Ndinawaimbira cha m'ma 5, titabwerera kunyumba.

“Agogo, ndine amake Chisomo. Ndalakwa, pepani.”

“Mwana ali bwanji?”

“Ali bwino tsopano. Anamupatsa mankhwala opumira pamakina kawiri, atiuza kuti tikaona zachilendo usiku tibwerere.”

“Tithokoze Mulungu.” Kenaka chete. Ndinkamva phokoso la kondakitala kumbuyo, ndiye kuti anali asanafikebe kwawo. “Mayi, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Palibe angakudzudzuleni chifukwa chothamangira kuchipatala. Ine chandiwawa si ulendo ayi. Ndafika pageti panu, ana a aneba ndiwo akundiuza m'Chishona kuti msonkhano kulibe. Tcheyamani kumva kwa ana.”

Ndinati ndinasokonezeka mutu.

“Ndikudziwa. Nchifukwa chake mukanangoimbira munthu mmodzi. Ine. Mawu awiri okha, enawo ndikanawauza ndine. Kapena tikanasamukira kwa alembi, si patali. Msonkhanotu si wanu, mayi. Yanu ndi nyumba.”

Apa ndiye panandilasa. Ine ndinkaganiza kuti popeza ndine mwininyumba, kudwala kwa mwana wanga ndiye kutha kwa msonkhano. Koma chimene chinalephereka ndi nyumba ndi buku. Nyumba ina inalipo. Buku ndikanalisiya kwa aneba pamodzi ndi kiyi wa kabokosi. Ndipo nkhani yaikulu ya lero inali yovomereza ndalama za chipepeso kwa mayi wamasiye wa ku Dzivarasekwa amene amuna ake tinawaika mwezi watha. Ndalamazo sizituluka popanda komiti kukhala pansi ndi anthu awiri kusaina. Iye tsopano adikira sabata ina chifukwa cha “tionana” wanga.

Kenaka ndinawonjezera cholakwa china. Ndinati, “Agogo, ndikutumizireni ya kombi pa EcoCash, madola anayi aja.”

“Mundigula?”

Sindinadziwe ngati akuseka. Agogo amatero, nthabwala zawo ndi mkwiyo wawo mawu ake ndi amodzi. Ndinangoti ayi agogo. Iwo anati, “Lembani uthenga wolongosoka, muyambe mwandiwerengera ine musanatumize.” Foni n'kudula, kapena ndi mayunitsi anga anatha, sindikudziwa.

Ndinakhala pampando wobwereka uja n'kulemba pakapepala kaye. Wachitatu ndiye unatuluka chonchi:

“Abale, msonkhano wa lero sunachitike chifukwa ndinathamangira kuchipatala ndi mwana. Ali bwino tsopano. Ndikupepesa kuti uthenga wanga wam'mawa sunamveke, makamaka kwa inu amene munafika pakhomo n'kubwerera. Ndapempha a tcheyamani kuti tikumane Loweruka likudzali pa 21, 2 koloko, kwathu konkuno. Zitavutanso, tidzakumana kwa alembi tsiku lomwelo ndipo buku ndidzalitumiza. Zopereka za mwezi uno sungani, mudzapereke tsikulo, palibe amene alembedwe kuti wachedwa. Amene tsikuli silikuwayenera andiuze pofika Lachiwiri madzulo.”

M'kope loyamba ndinali nditafotokoza za matenda mizere isanu, mpaka za pakhosi paja. Ndinafufuta. Ndinaona kuti ndikufuna andimvere chisoni kuti aiwale kundikwiyira. Ndinafufutanso “tidzagwirizana tsiku lina”, chifukwa ameneyo ndi “tionana” yemwe uja atavala jekete. Anthu 11 ukawafunsa kuti ndi liti, sabata imatha mukukokanakokana. Bola kutchula tsiku, wokana akane.

Ndinagula mayunitsi ena n'kuwawerengera agogo. Anangosintha chinthu chimodzi: “Musati ‘ndapempha a tcheyamani’. Nenani kuti a tcheyamani avomera.” Ndiye mwina ndiko kukhululuka kwake kumeneko, kaya. Ndatumiza pagulu, atatu amene sanawerenge m'mawa aja ndawalembera SMS mmodzimmodzi. Mayi wa ku Dzivarasekwa ndamuimbira ndekha. Anati palibe vuto, koma ndi “palibe vuto” wa munthu amene anali atauza kale mwininyumba wake kuti lendi ibwera Lolemba.

Buledi uja ali patebulo, malofu anayi, sangafike pa 21. Mandasi a amake Tadala sindikudziwa anadya ndani. Mawa ndikatuluka kutchalitchi ndikuganiza zokwera makombi awiri omwewo kupita ku Tafara, ndi paketi ya shuga m'manja, osatchulanso za madola anayi. Koma Chisomo ndimusiyira ndani, ndipo akayambanso ndili ku Fourth Street?

Wakhosomola kamodzi. Ndikamuone.