Tiyi atakwera mtengo, khofi ndi shuga zinasiyana njira

Golosale yathu inayamba ndi katundu wochepa: masamba a tiyi, khofi, shuga ndi mkaka. Ine ndimapita kooda, mkazi wanga amalemba m'buku chilichonse chotuluka pashelefu. Bukulo ndi limene linationetsa kuti mtengo wa chinthu chimodzi umagwedeza malonda a china.

Chaka china masamba a tiyi anakwera kooda, nafenso tinakweza ndi 20 peresenti. Zoti tiyi aziyenda pang'onopang'ono tinkadziwa kale. Koma khofi, amene tinkagulitsa mapaketi 50 pamwezi, anafika pa 55, pomwe shuga anatsika kuchoka pa mapaketi 200 kufika pa 192. Mitengo ya ziwirizi sitinaikhudze n'komwe.

Akatswiri a zachuma ali ndi kawerengedwe kake. Umatenga peresenti ya kusintha kwa malonda a chinthu china, n'kuigawa ndi peresenti ya kusintha kwa mtengo wa chinzakecho. Malonda a khofi anakwera ndi 10 peresenti. Tikagawa ndi 20 tikupeza 0.5. Yankho likakhala pamwamba pa ziro, ndiye kuti zinthuzo zimalowana m'malo: wothawa tiyi wodula amatola khofi. Shuga anatsika ndi 4 peresenti, yankho n'kukhala -0.2. Likapita pansi pa ziro, zinthuzo zimayendera limodzi, china chikadwala chinzake chimatsokomola.

Nambala ya shugayo ndi imene inandiganizitsa kwambiri. Bwanji inachepa chonchi, pamene pafupifupi aliyense wogula tiyi amanyamulanso shuga? Chifukwa amene anasamukira ku khofi sanasiye kuthira shuga m'kapu, ndipo ena amagula shuga wophikira zina. Shuga amayendera limodzi ndi tiyi, inde, komanso ndi khofi yemwe. Tikanachepetsa oda ya shuga mofanana ndi ya tiyi, shelefu ikanakhala mbee mwezi usanathe.

Ngakhale 0.5 wa khofiyo si wamkulu. Anthu ambiri okonda tiyi salola khofi msanga. Kumene makasitomala amasamuka mwachangu ndi pakati pa mitundu iwiri ya tiyi yemweyo, ndiye mtundu umodzi ukakwera timayamba taonjezera oda ya unzakewo, khofi pambuyo.

Chenjerani ndi nyengo. Kukazizira, tiyi, khofi ndi shuga zonse zimayenda kwambiri, ndipo mungaganize kuti ndi mtengo pamene ndi chisanu. Chizindikiro chake n'chakuti malonda a zonse amakwera pamodzi, ngakhale a tiyi wodulayo. Ife timafanizira miyezi ya nyengo yofanana, ndipo mwezi umene zinthu ziwiri zasintha mtengo nthawi imodzi sitiuwerengera, popeza sungadziwe kuti chakoka malonda ndi chiti.